Mphindi kapena peresenti: mukhulupirire nambala iti kanema wanu akatuluka?

Mlimi akandiuza kuti wakolola matumba 30 a chimanga, sindithamangira kumuyamikira. Ndimayamba ndafunsa kukula kwa munda, chifukwa matumba 30 pa maekala 5 ndi nkhani ina, pa ekala imodzi ndi nkhani inanso. Funso lomweli ndi limene ndimafunsa achinyamata a kuno ku Thyolo amene ayamba kujambula makanema a ulimi n'kumaika pa YouTube. Amabwera ndi foni m'manja, wina akusangalala kuti kanema wake wafika 90 peresenti, mnzake nkhope ili khwinya chifukwa wake waima pa 30. Ndisanayankhe ndimafunsa kuti kanemayo ndi wotalika bwanji.

Mukatsegula YouTube Studio n'kulowa mu Analytics ya kanema mmodzi, mupeza nambala ziwiri zoyandikana. Ya Average view duration ikukuuzani nthawi imene kanemayo amaoneredwa pa ulendo umodzi, mukaphatikiza nthawi ya onse n'kugawa mofanana. Ya Average percentage viewed ikutenga nthawi yomweyo n'kuiyika pa kutalika kwa kanema. Watch time ndi nthawi yonse imene anthu aonera kanemayo, Views ndi maulendo amene waoneredwa. Masamu ake ndi awa basi:

```
Average view duration = Watch time / Views
Average percentage viewed = Average view duration / kutalika kwa kanema x 100
```

Ndiye kuti nambala yoyamba ndi matumba, yachiwiri ndi matumba pa ekala. Pa kanema mmodzi ziwirizi sizingatsutsane: ina ikakwera inzake imakweranso. Chisokonezo chimabwera mukayamba kuyerekeza makanema osiyana kutalika.

Tiyerekeze kuti kalabu yanu ya ku Luchenza yajambula kanema wa mphindi 12 wofotokoza za matenda a chisaka mu nthochi: mmene masamba amafinyikirana pamwamba, nsabwe zimene zimafalitsa matendawa, kuzula phando lonse lodwala, ndi kupeza mbewu yopanda matenda. Kuti masamu asavute, tinene kuti aonera anthu 100. Mwa iwo, 60 athawa patangotha theka la mphindi, ndipo 40 akhala mpaka mphindi ya 9. Oyamba aja akupatsani mphindi 30, achiwiriwa mphindi 360, zonse pamodzi 390. Mukagawa ndi 100 mupeza mphindi 3.9, zimene pafoni zidzalembedwa 3:54. Mukaika pa mphindi 12 zija, ndi 32.5 peresenti.

Tsiku lomwelo mwadulako kachidutswa ka masekondi 30 koonetsa phando lodwala pafupi ndi labwino, mwakaika ngati Short, dzina la makanema aafupi a pa YouTube. Anthu akuonera masekondi 27, ndiye kuti 90 peresenti. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amati kanema wamtaliyo walephera, tisiye, tizingopanga aafupi. Koma munthu wa pa kanema wamtali wakupatsani mphindi pafupifupi 4 za moyo wake ndi bandulo yake, pamene wa pa Short wakupatsani masekondi 27. Kumaliza masekondi 30 n'kosavuta, ngakhale munthu ali pamzere wa chigayo amamaliza. Kukhala mphindi 12 ndi nkhani ina, n'chifukwa chake peresenti imakonda kutsika kanema akamatalika, ngakhale akhale wokoma.

Choncho pa makanema aatali ine ndimayamba ndi mphindi. Chifukwa china n'chakuti peresenti njosavuta kuinamiza. Bwererani ku kanema wa chisaka uja. Palibe amene anadutsa mphindi ya 9, ndiye akanakhala kuti anathera pomwepo, popanda mphindi 3 zomaliza zimene wapampando amathokoza mafumu ndi makomiti, nthawi yoonera ikanakhalabe 3:54. Koma peresenti ikanadumpha kuchoka pa 32.5 kufika pa 43. Palibe mlimi ndi mmodzi yemwe amene waphunzira chinthu choonjezera, mwangochepetsa munda kuti zokolola pa ekala zioneke zambiri. Sindikuti musadule malonje aataliwo, aduleni ndithu, akulu athu adzatikhululukira. Ndikungoti musamadzinamize kuti kukwera kwa peresentiko ndiye kuti anthu akhala nthawi yaitali.

Mphindi nazonso zili ndi bodza lake. Mukakoka nkhani ya mphindi 6 kuti ifike 20, anthu ochepa okukondani, achibale ndi a mu kalabu, akhoza kupirira mpaka kumapeto n'kukweza nambala ija pang'ono, pamene ambiri atopa panjira. Ndiye funso loyenera si lakuti mphindi ndi zingati, koma ngati mphindizo zikufika pamene pali phunziro. Ngati kuzula phando mwakuonetsa pa mphindi ya 7, muyenera kudziwa kuti ndi angati anafika pa 7. Nambala ya 3:54 siingakuuzeni zimenezo.

Taonani chinthu chodabwitsa pa chitsanzo chathu: palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaonera mphindi 3 ndi masekondi 54. Ena anaonera theka la mphindi, ena 9. Kanema wina amene anthu onse 100 amachoka cha pa mphindi ya 4 angakupatseni nambala pafupifupi zomwezo, 3:54 ndi 32.5, koma matenda ake ndi osiyana. Woyamba uja akudwala poyambira: mwina mutu ndi chithunzi chakunja zinalonjeza nthochi zodwala, koma munthu atatsegula anapeza nyimbo ndi moni wautali. Mankhwala ake ndi kuonetsa phando lodwalalo m'masekondi oyambirira. Wachiwiriyo poyambira ali bwino, koma cha pa mphindi ya 4 pali chinachake chothamangitsa anthu, kaya mphepo inalowa m'maikolofoni, kaya wolankhula anayamba kubwereza zimene wanena kale. Mukachita kungoyang'ana nambala ziwiri zija, mupereka mankhwala olakwika.

Chokuthandizani ndi mzere wa Audience retention, umene umaonetsa kuchuluka kwa otsala pa sekondi iliyonse ya kanema. Pamenepo YouTube imakuuzani kuti ndi angati anali akuonerabe pa 0:30. Mzere ukagwa ngati phompho kumayambiriro kenako n'kuyenda mosalala, vuto ndi khomo. Ukamatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kumapeto, zimenezo n'zachibadwa. Ukakumba dzenje pakati n'kukweranso, anthu analumpha chigawocho. Ukatukuka ngati chulu, anabwerera kuti aonenso, ndipo apa musafulumire kusekerera: mwina pamalopo panawakoma, mwinanso sanamve bwino muyezo umene munatchula. Pitani mukaonere nokha malowo. Ziwerengerozi zimatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti zikhazikike, ndiye musaweruze kanema madzulo a tsiku limene mwamuika.

Pa makanema aafupi zinthu zimatembenuka. Masekondi 24 paokha sanena kanthu. Pa Short ya masekondi 50 ndi osakwana theka, pa ya masekondi 20 ndi 120 peresenti. Inde, peresenti imatha kupyola 100, ndipo si kuti foni yasokonezeka: Short ikatha imayambiranso yokha, ndipo nthawi yobwerezayo imawerengedwa. Apa ndiye peresenti ndi imene imalankhula zomveka, chifukwa cholinga cha kakanema kotere n'chakuti munthu akamalize. Komabe kumbukirani kuti kuyambira mu Okutobala 2024 Short ikhoza kutalika mpaka mphindi 3. Musaike ya masekondi 15 pa sikelo imodzi ndi ya mphindi 2. Ya mphindi 2 imene yafika 60 peresenti yagwira munthu masekondi 72, zimene ya masekondi 15 siingafike ngakhale munthu ataionera kanayi.

Peresenti ya Short imafunika mnzake woyenda naye. Pali nambala ina yoonetsa amene anaima n'kuonera poyerekeza ndi amene anangokankha ndi chala n'kupitirira, imene pa sikirini imatchula Swiped away. Mukhoza kukhala ndi 95 peresenti chonsecho anthu 7 mwa 10 aliwonse sanaime n'komwe. Zikatero, mkati mwa kanema muli bwino koma sekondi yoyamba siikoka diso. Dziwaninso kuti kuyambira pa 31 Malichi 2025, Views ya Shorts imawerenga ulendo uliwonse umene kanema wayamba kapena kuyambiranso, ngakhale munthu asakhalitse. Kawerengedwe kakale kanatsala pa dzina la Engaged views. Mukafuna kudzichitira nokha masamu aja pa Short, gawani ndi Engaged views, apo ayi yankho lanu lidzatsika kuposa limene Studio ikuonetsa.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuwerenga nambala ya tchanelo chonse. Mwezi umene mwaika ma Short ambiri, Average view duration ya tchanelo imagwa, anthu n'kuyamba kulozana zala mu kalabu kuti wojambula wafooka. Palibe chimene chafooka, mwangothira nandolo ndi chimanga m'thumba limodzi n'kuyeza. Mu Analytics, pa Content, sankhani Videos payokha ndi Shorts payokha.

Chinanso ndi kumene oonera achokera. Tsiku loyamba linki imayenda m'magulu a WhatsApp a alimi a ku Bvumbwe ndi ku Thekerani, anthu amene nthochi zawo zikufa, ndipo amakhala nthawi yaitali. Kanema akayamba kuonetsedwa kwa alendo amene alibe ngakhale phando limodzi, nambala zonse ziwiri zimatha kutsika. Anthu 100 pa mphindi 5 ndi mphindi 500, pamene anthu 2,000 pa mphindi 3 ndi 6,000. Kutsika kotereku si matenda. Yang'anani Watch time: ngati ikukwera pamodzi ndi Views, kanemayo akuyenda. Zimathanso kutembenuka, a pa WhatsApp n'kukhala amene amangodina kuti aone kuti n'chiyani, n'kutseka poopa bandulo. Mu Advanced mode, pa Traffic source, mukhoza kuona nthawi yoonera ya gulu lililonse payokha, ndipo ndi pamenepo mudziwe kuti anthu anu ndi ati.

Ku kalabu kwanu tengani kope ngati lija mumalembamo zokolola. Patsamba lina lembani ma Short osapyola masekondi 30, lina otalikirapo, lina makanema a mphindi 4 mpaka 8, lina opyola pamenepo. Kanema akatha masiku 7, lembani kutalika kwake, mphindi, peresenti, ndi otsala pa 0:30 ngati ndi wamtali, kapena amene anaima osakankha ngati ndi Short. Kanema watsopano muzimuyerekeza ndi anzake a patsamba lomwelo, chifukwa pamenepo kutalika n'kofanana ndipo nambala ziwiri zija zimaloza kumodzi. Pa makanema ophunzitsa onjezani mzere umodzi: mphindi imene phunziro lenileni lili, ndi peresenti ya amene anafikapo. Mukapeza kuti pa kuzula phando kuja anafika 40 mwa 100, ulendo wotsatira kusuntheni kuchoka pa mphindi ya 7 kubwera pa ya 2, kenako muyerekeze.