Momwe mungachitire Goal Seek ikalephera kupeza yankho mu Excel

Mwadina Data, kenako What-If Analysis, kenako Goal Seek, mwalemba zonse, koma Excel ikukuuzani kuti "may not have found a solution". Nthawi zambiri vuto silikhala la Excel, limakhala m'mene tasanjira manambala athu. Goal Seek sidziwa masamu a fomyula yanu. Imangoyesa nambala mu selo imodzi, n'kuona ngati selo inayo yayandikira chomwe mukufuna, kenako n'kuyesanso ina. Chilichonse chosokoneza kuyesaku chimailepheretsa.

Titenge ngongole ya K2,000,000 ya chiwongoladzanja cha 3 peresenti pamwezi. Mungakwanitse kubweza K150,000 pamwezi, ndiye mukufuna kudziwa kuti mudzatha miyezi ingati. Mu B1 muli 2000000, mu B2 muli 3%, B3 ndi ya miyezi, ndipo mu B4 muli fomyula iyi yowerengera malipiro a pamwezi:

```
=-PMT(B2,B3,B1)
```

Pa Set cell mulemba B4, pa To value 150000, pa By changing cell B3.

Choyamba, uthenga wolephera uja ukatuluka, dinani Cancel, osati OK, kuti B3 ibwerere mwakale. Kenako yang'anani nambala yomwe ili mu B3, poti Goal Seek imayambira pomwepo. Ngati muli 0 kapena mulibe kanthu, B4 ionetsa #NUM!, chifukwa ngongole singabwezedwe m'miyezi 0, ndipo Goal Seek ikhala ilibe poyambira. Lembanimo nambala yanzeru, monga 12. B4 ionetsa pafupifupi K200,924. Yesaninso Goal Seek, ikupatsani miyezi 17.28, kutanthauza kuti mudzamaliza m'mwezi wa 18.

Musaiwale kachizindikiro kochotsera kali patsogolo pa PMT. Popanda iko, fomyulayi imatulutsa nambala ya pansi pa ziro, ndiye mukafuna 150000 Goal Seek itha kulephera kapena kukupatsani miyezi ya pansi pa ziro, yomwe ilibe tanthauzo.

Chachiwiri, tsimikizani kuti B4 imadaliradi B3. Njira yachidule ndi kusintha B3 ndi dzanja, kuchoka pa 12 kufika pa 13. B4 ikapanda kusintha, unyolo waduka penapake. Sankhani B4, pitani pa Formulas, dinani Trace Precedents, mivi ikuonetsani maselo omwe fomyulayo imatengako manambala. Dinani kangapo kuti muone pomwe mivi ikuthera isanafike pa B3. Kawirikawiri mumapeza kuti wina analemba 12 m'kati mwa fomyula m'malo mwa B3, kapena anamata nambala pamwamba pa fomyula ya pakati. Mafayilo opatsirana mu ofesi amavuta apa kwambiri. Onaninso kuti pa Calculation Options pali Automatic, osati Manual.

Pali kudalira kwina kobisika, komwe kumavutitsa ngakhale anthu ozolowera Excel. Munthu amaganiza kuti mwezi sukhala wodukiza, n'kulemba ROUNDUP(B3,0) m'fomyula. Maganizowo ndi abwino, koma tsopano B4 imayenda modumpha ngati masitepe. Pa miyezi 17 malipiro ndi K151,905, pa miyezi 18 ndi K145,417, ndipo 150000 ili pakati pomwe fomyula siingaponde. Komanso Goal Seek ikasintha B3 pang'ono, imaona kuti palibe chasintha, ndiye imasowa kolowera. ROUND, INT, IF ndi VLOOKUP zimatha kuchita chimodzimodzi. Chotsani ROUNDUP kaye, pezani 17.28, kenako mudzaikweze nokha mu selo ina.

Musanapite kwina, dzifunseni ngati yankho lilipo n'komwe. Mukalemba 50000 pa To value, Goal Seek ilephera ngakhale mutayesa mpaka mawa. Chiwongoladzanja chokha cha mwezi woyamba ndi K60,000, choncho wobweza K50,000 ngongole yake imangokula. Lembani 600 mu B3 muone: B4 ingoima pa 60,000, siitsikanso.

Chachitatu ndi malire a kuyesa. Pitani pa File, Options, Formulas. Pa Maximum Iterations Excel imabwera ndi 100, pa Maximum Change imabwera ndi 0.001. Goal Seek imasiya ikayesa ka 100, kapena ikafika pafupi ndi cholinga mosaposa 0.001. Ngati pa uthenga uja Current value inali itayandikira Target value, kwezani Maximum Iterations kufika pa 1000. Ine ndimaika sitepe iyi kumapeto dala, chifukwa fomyula yoduka kapena yodumpha siichira ndi kuyesa kochuluka.

Maximum Change imafunika kusamala. Kuichepetsa sikuthandiza Goal Seek yomwe ikulephera, kumangoiumitsira ntchito. Ichepetseni, mwachitsanzo kufika pa 0.000001, pamene cholinga chili nambala yaing'ono ngati 5%, yomwe kwa Excel ndi 0.05. Apo 0.001 ndi yaikulu moti ingavomereze 4.93% n'kunena kuti yapeza yankho. Kabokosi ka Enable iterative calculation kasiyeni osachonga. Goal Seek sikafuna, ndipo mukakachonga Excel imasiya kukuchenjezani za fomyula yodzitchula yokha.