Kanema amene munatumiza ku Mzuzu akudula chithunzi? Sanawonongeke, konzani pa foni

Pulazima ikafika kwanu kuchokera ku Joni kapena ku Ulaya, foni yoyamba imakhala yothokoza. Pakangopita masiku pang'ono imabwera ina: pa mpira zigoli sizikuoneka, mawu oyenda m'munsi pa nkhani akudulika, kapena chithunzi chili kakang'ono pakati, mdima utachizungulira. Ambiri amangoganiza kuti katundu anagundidwa m'basi. Kanema wogundidwa amaonetsa mizere, ming'alu kapena madontho ngati inki yotayika. Ngati chithunzi chikuoneka bwinobwino koma chadulika mowongoka, kapena mdimawo uli wofanana mbali ndi mbali, palibe chawonongeka. Musatumize ndalama ya wokonza musanayese izi.

Choyamba muwapemphe ajambule kanema yenseyo pa WhatsApp, ataima pakati penipeni, m'mphepete monse mukuoneka. Atsegule tchanelo cha nkhani kapena cha mpira, chifukwa chizindikiro cha pakona ndi mawu a m'munsi ndi zimene zikuuzeni ngati chithunzi chadulika. Ajambulenso kumbuyo kumene kwalowa zingwe, ndi marimoti onse awiri, ya dikoda ndi ya kanema. Mawu akuti "sichikuoneka bwino" simungakonze nawo kanthu muli kutali.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti zinthu zolamula maonekedwe a chithunzi ndi ziwiri, dikoda ndi kanemayo, ndipo chilichonse chili ndi menyu yake. Makanema akale a chimsana anali a 4:3, kutanthauza magawo 4 m'litali ndi 3 m'mwamba. Apano ndi a 16:9, otambalala. Dikoda imene inkagwira ntchito pa kanema wakale imakhala idakali pa 4:3 mpaka wina ataisintha.

Tiyerekeze kuti munagula ya mainchesi 43, ili kwa amayi ku Chibavi, ndipo chithunzi chimene atumiza chikuonetsa mdima mbali zonse zinayi. Zachitika motere. Dikoda ikuganiza kuti kanema ndi wakale uja, ndiye ikuchepetsa chithunzi chotambalala kuti chikwane, n'kuika mdima pamwamba ndi pansi. Kanema watsopanoyo akalandira chithunzi cha 4:3 akuchiika pakati n'kuwonjezera mdima wake kumanzere ndi kumanja. Chithunzi chikutsala magawo atatu mwa anayi m'litali, chimodzimodzinso m'mwamba. Ndiye kuti pa mainchesi 43 amene munalipira ndi thukuta lanu, amayi akuonera ngati a mainchesi 32.

Apa pali batani limene limakopa aliyense, lolembedwa ZOOM, P.SIZE, ASPECT kapena RATIO, malinga ndi mtundu wa rimoti. Mwana wa m'nyumbamo akalidina, chithunzi chimadzaza ndipo onse amaombera m'manja. Ine ndimaletsa zimenezi, chifukwa kumeneko n'kungokoka chithunzi chochepa kuti chikule. Chimasiya kuoneka bwinobwino, nkhope zimakhala ngati zili mu nkhungu, ndipo tsiku limene dikoda idzakonzedwe, Zoom yomweyo idzayamba kudula mitu ya anthu.

Yambani ndi dikoda. Imbani foni ya vidiyo, wina agwire foni moyang'anitsa pa kanema, wina agwire rimoti. Muzilankhula pang'onopang'ono: "Amayi, mupatseni mdzukulu wanuyo rimoti ya dikoda, osati ya kanema. Adine Menu, apite pa Settings." M'menemo afufuze pamene palembedwa Aspect Ratio, TV Type kapena Screen Format, nthawi zambiri pansi pa Display kapena AV Settings. Mayinawa amasiyana pa DStv, GOtv ndi madikoda ena, n'chifukwa chake muyenera kuona ndi maso anu. Akapeza 4:3 Letterbox kapena 4:3 Pan Scan, asinthe aike 16:9. Letterbox ndi imene imabweretsa mdima pamwamba ndi pansi, pamene Pan Scan imadula kumanzere ndi kumanja, kumene kumakhala zigoli. Akatero atenge rimoti ya kanema, alowe mu Picture, pa Picture Size kapena Aspect Ratio aikenso 16:9. Mdima uja utha pompo.

Kuti mutsimikize kuti zagwirizana, yang'anani chinthu chozungulira, monga mpira ukaonetsedwa pafupi kapena wotchi. Ukaoneka ngati dzira logona ndipo anthu afupika n'kunenepa, dikoda idakali pa 4:3 koma kanema akukoka chithunzi. Anthu akatalika n'kuonda, dikoda ili pa 16:9 koma kanema ali pa 4:3.

Tsopano zonse zili pa 16:9, koma chizindikiro cha tchanelo chakhudza m'mphepete ndipo mawu a m'munsi adulika theka. Ili ndi vuto lina, limene pa menyu limalembedwa Overscan. Makanema akale aja sankatha kuika chithunzi pamalo amodzimodzi nthawi zonse, choncho ankachikulitsa pang'ono kuti m'mphepete mubisike kuseri kwa chimango. Ena atsopano amabwerabe akuchita zomwezo, n'kudula pang'ono mbali zonse zinayi mofanana. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake la kuzimitsa zimenezi. Pa Samsung ndi Fit to Screen, ndipo pa akale ake Screen Fit. Pa LG ndi Just Scan. Pa Sony alowe mu Screen, pa Display Area asankhe Full Pixel. Pa Hisense ndi Panasonic kawirikawiri pamalembedwa Overscan penipeni, ndipo aike Off. Pa mitundu ina mupeza Dot by Dot kapena 1:1.

Nthawi zina adzakuuzani kuti mawuwo akuwaona pa menyu koma ndi otuwa, sakudinika. Bwererani ku chithunzi cha kumbuyo chija. Ngati dikoda yalumikizidwa ndi zingwe zitatu, yachikasu, yoyera ndi yofiira, makanema ambiri salola kuzimitsa Overscan pa zingwe zimenezo, chifukwa zimanyamula chithunzi chakale cha mizere 576 basi. Ngati dikodayo ili ndi polowetsa HDMI, agule chingwe cha HDMI m'tauni, sichifunika kukhala chodula. Akalumikiza, pa dikoda aike Resolution pa 1080i kapena 720p, kenako abwerere ku menyu ya kanema. Ngati dikodayo ilibe HDMI, kudulika pang'onoko kukhalapobe mpaka mutasintha dikoda, ndipo ndi bwino kuwauza zoona kusiyana n'kuwasiya akudinadina usiku wonse.

Makanema ambiri amasunga zimenezi padera pa khomo lililonse. Mukakonza pa HDMI 1, wina n'kusamutsira chingwe pa HDMI 2, vuto limabwerera ndipo muyenera kukonzanso pamenepo. Muwauze chingwe chikhale pomwe chili. Ngati mwakonza koma pakapita kanthawi, kapena magetsi akazima n'kuyakanso, zonse zikubwerera mwakale, onani ngati kanemayo sali pa Store Mode kapena Demo, imene amaika m'sitolo poonetsa katundu. Asinthe aike Home.

Mdima wina si vuto, ndipo muwachenjezeretu. Mafilimu ambiri amajambulidwa motambalala kuposa 16:9, choncho amakhala ndi mdima pamwamba ndi pansi ngakhale zonse zili bwino. Mavidiyo akale a makwaya ndi a maukwati, ojambulidwa pa 4:3, amakhala ndi mdima kumanzere ndi kumanja. Akakayikira, asinthe apite pa tchanelo cha mpira. Ngati pamenepo chithunzi chadzaza ndipo zigoli zikuoneka zonse, rimoti aisiye. Musanadule foni, ajambule menyu ya dikoda ndi ya kanema mmene zilili, zithunzizo muzisunge inuyo, kuti ana akadzasokoneza mudzangowatumizira.