Mahedifoni akasowa besi mutalumikiza waya

Anga ndinawakonzetsa waya ku Kasungu boma, kufika kunyumba nyimbo zikungolira ngati chitini, besi kulibiretu. Musanataye anu, yambani ndi zosafuna ndalama. Ikani ikwalaiza pa Flat, kenako kanikizani mahedifoniwo m'makutu ndi manja. Besi ikabwerera, ndiye kuti masiponji sanakhale bwino pobwezeretsa, mpweya ukuthawira m'mbali.

Zikakanika, yatsani Mono audio pa foni kuti makutu onse awiri azilandira mawu ofanana. Mawu a woyimba amayenera kumveka pakati penipeni pa mutu. Akamamveka omwazika, osadziwika komwe akuchokera, mawaya a sipika imodzi anatembenuzidwa, ndiye sipika ina ikamakankha inzake ikukoka. Anga vuto linali limeneli. Tinamasula mbali imodzi yokha n'kusinthanitsa mawaya awiriwo. Mukasintha mbali zonse mwabwerera pomwe munali!

Koma pa Mono pomwepo mawu akazimiririka, waya wa girawundi womwe umatumikira masipika onse awiri, nthawi zambiri wamtundu wa kopa uja, sunagwire. Timawayati timakhala ndi utoto wotchinga magetsi, choncho wotchani kunsongako pang'ono, palani, kenako muwotcherere.