Mpira, waya ndi nyali: momwe mungaonere chimene chimasintha nyengo ndi kutalika kwa usana

Anthu ambiri amaganiza kuti kunja kumatentha dziko likayandikira dzuwa. Koma dziko limayandikira kwambiri dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, pamene maiko a kumpoto ali m'kati mwa chisanu. Mu Julayi limatalikira kufika makilomita 152 miliyoni, koma kumpotoko ndiye kukutentha. Nkhani yagona pa kupendekeka kwa dziko, ndipo mutha kudzionera nokha m'chipinda cha mdima.

Pezani mpira wofewa, waya wolimba wotalika masentimita 30, cholembera ndi nyali yowala mbali zonse. Boolani mpirawo ndi waya kudutsa pakati penipeni. Wayayo akuimira mzere umene dziko limazungulirapo kamodzi pa tsiku. Pamene watulukira kumtunda ndi nsonga ya kumpoto, kunsiko ndi ya kumwera.

Kenako jambulani mizere itatu yozungulira mpira. Woyamba ukhale pamimba, umenewo ndi ikweta. Wachiwiri ukhale kumtunda, mutangopitirira pang'ono theka la ulendo wochoka pa ikweta kupita kunsonga. Apo ndi pa madigiri 50, kufupi ndi pamene pali mzinda wa London. Wachitatu uyandikire nsonga, pa madigiri 70. Pa mzere uliwonse ikani timadontho 24 totalikirana mofanana. Musachite mothamanga, chifukwa kadontho kalikonse kakuimira ola limodzi, ndipo mayankho onse achokera pamenepa.

Tsopano pendeketsani wayayo madigiri 23.4. Ngati mulibe choyezera, imikani waya chilili, kenako sunthani nsonga ya kumtunda masentimita 12 chammbali, ya kunsi ili pomwepo. Sankhani khoma limodzi la chipinda, ndipo wayayo azipendekerabe mbali ya khomalo ndi madigiri omwewo mpaka mutamaliza. Dziko nalonso limatero: chaka chonse limaloza kufupi ndi nyenyezi yotchedwa Polaris.

Ikani nyali pakati pa chipinda, molingana msinkhu ndi mpira, zimitsani magetsi ena, ndipo imani mbali imene nsonga ya kumpoto yaweramira kunyali. Ameneyo ndi 21 Juni. Werengani timadontho tili powala. Pa ikweta mupeza 12. Pa madigiri 50 mupeza pafupifupi 16, ndipo n'zoona: ku London usana wa tsikuli umatenga maola 16 ndi theka. Pa madigiri 70 tonse 24 tili powala. Zunguzani mpira pawaya kangapo konse, palibe kadontho kolowa mumdima. Ndi chifukwa chake ku Tromsø, kumpoto kwa Norway, dzuwa sililowa kwa milungu ingapo.

Yendani mozungulira nyali mpaka tsidya linalo, waya akupendekerabe mbali ya khoma lija. Nsonga ya kumpoto tsopano yafulatira nyali, ndiye 21 Disembala. Ikweta idakali pa 12, mzere wachiwiri watsika kufika pa 8, wachitatu wonse uli mumdima. Suzumirani kunsi kwa mpira: kumwera ndiko kwawala kwambiri. Ku Cape Town usana umapitirira maola 14 mu Disembala, mu Juni sukwana 10. Mukaima pakati pa malo a Juni ndi a Disembala aja, malire a mdima amadutsa pansonga zonse ziwiri ndipo mzere uliwonse umapereka 12. Izi zimachitika cha pa 20 Malichi ndi 23 Seputembala.

Zikapanda kutuluka chonchi, cholakwa chimadziwika msanga. Ngati manambala sakusintha pamene mukuzungulira, ndiye kuti mukutembenuza waya kutsatira nyali osadziwa. Ambiri amalakwitsa apa. Ngati pa ikweta mwapeza 10 kapena 11, mwayandikira nyali kwambiri, bwererani mamita awiri kapena atatu. Malire a mdima akakhala osaoneka bwino, makoma oyera akubweza kuwala, choncho kolekani nsalu yakuda kumbuyo kwa mpira.

Kutalika kwa usana pakokha sikufotokoza kutentha konse. Kukanakhala kotero, ku Tromsø mu Juni kukanatentha kuposa pa ikweta. Tengani tochi, walitsani papepala molunjika kuchokera pamwamba, ndipo lembani malire a kuwalako. Kenako itsitseni chammbali kuti ipange madigiri 30 ndi pepala, mtunda osasintha. Kuwala komwe kuja kwafalikira malo owirikiza pafupifupi kawiri, motero malo alionse akulandira theka. Pa madigiri 50, dzuwa la masana limakwera madigiri 63 mu Juni, koma mu Disembala limangofika pa 17. Usana waufupi ndi dzuwa lotsika zimabwera pamodzi, ndiye kuzizira kumakula. Pa madigiri 70, ngakhale pakati pa Juni dzuwa silikwera kupitirira madigiri 44, ndipo pakati pa usiku limangokwawa pamwamba pang'ono pa malekezero a thambo.