Malangizo kwa mlembi: fomu ya PDF ya ajenda ndi maminitsi a komiti ya kalabu

Malangizo awa akutsagana ndi fomu ya masamba awiri imene komiti ya kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere ku Bembeke, m'boma la Dedza, imagwiritsa ntchito pa misonkhano yake. Tawalembera alembi a makalabu a ku Chipata, Katete ndi Chadiza m'dziko la Zambia amene akufuna kukonza yawo. Ngati kwanuko mumalemba "c" pamene ife timalemba "ch", sinthani mitu ya pafomu momwe mumalembera, palibe chimene chingawonongeke.

Tsamba loyamba ndi la ajenda, ndipo limapita kwa mamembala msonkhano usanachitike. Pamwamba pali dzina la kalabu, tsiku, nthawi ndi malo, kenako mndandanda wa zokambirana: pemphero, mawu a wapampando, kuwerenga maminitsi a msonkhano wapitawo, zochokera m'maminitsiwo, lipoti la msungichuma, nkhani zatsopano, ndi zina ndi zina. Tsamba lachiwiri ndi la maminitsi. Pansi pa mfundo iliyonse pali mabokosi atatu: zimene agwirizana, amene adzachite, ndi tsiku lomaliza. Bokosi la "zimene anthu ananena" tinalichotsa dala, chifukwa likakhalapo mlembi amalemba mkangano wonse wa mtengo wa feteleza n'kuiwala kulemba amene atumidwa kukagula.

Fomuyi ikonzeni mu LibreOffice Writer, pulogalamu yaulere. Mu Microsoft Word mukhoza kujambula mizere ndi mabokosi bwinobwino, koma mukasunga ngati PDF mabokosiwo salembekanso, amangokhala chithunzi cha fomu. Mu Writer, yambani mwalemba mitu yonse m'tebulo. Mukatero pitani pa Form, muyatse Design Mode, musankhe Text Box, ndipo mukoke bokosi pamene mukufuna kuti munthu azilembapo. Pa mayina a mamembala a komiti ikani Check Box, kuti mlembi azingochonga amene abwera.

Bokosi lililonse lili ndi dzina lobisika, limene wodzaza fomu saliona. Dinani bokosilo, mutsegule Control Properties, mulembe dzinalo pa Name. Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndiye tifatsepo. Lamulo la PDF ndi lakuti mabokosi awiri okhala ndi dzina limodzi amawerengedwa ngati bokosi limodzi: chimene mwalemba mu lina chimatulukanso mu linzakelo. Izi n'zothandiza pa tsiku. Mukapatsa bokosi la tsiku la patsamba loyamba ndi la patsamba lachiwiri dzina lofanana, mlembi amalemba kamodzi kokha, ndipo ajenda ndi maminitsi sizingasiyane tsiku. Koma lamulo lomweli limasokoneza mukakopera mzere wa mfundo yoyamba kasanu osasintha mayina. Mlembi akalemba "Tigule matumba 20 a mbewu" pa mfundo yoyamba, mawu omwewo amabwera pa mfundo zonse. Choncho mfundo iliyonse ikhale ndi nambala yake:

```
tsiku
mfundo1_chigamulo
mfundo1_wochita
mfundo1_tsiku
mfundo2_chigamulo
```

Mabokosi a zogwirizana muwaike pa Multi-line, pamene palembedwa Text type, kuti mawu azitsikira mzere wina akafika kumapeto. Musawaumire malo. Bokosi lokwana mizere inayi kapena isanu ndilo loyenera, pakuti mawu akachuluka kuposa bokosi, pakompyuta amaoneka mukamatsitsa, koma papepala otsalawo satuluka. Adobe Acrobat Reader imaonetsa kachizindikiro ka + pakona pa bokosi limene lasefukira. Mukakaona, fupikitsani chiganizo musanasindikize.

Pa lipoti la msungichuma, lembani pamutu pa bokosi kuti ndalamazo ndi za dziko liti. Kuno ndi kwanuko tonse timati kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, ndipo kalabu yogula katundu kutsidya la malire ikhoza kudzakangana pa "K500" wongolembedwa yekha. Ikani MWK pa kwacha ya Malaŵi kapena ZMW pa kwacha ya Zambia.

Mukamaliza, pitani pa File, Export As, Export as PDF. Onetsetsani kuti pa Create PDF form pachongedwa, apo ayi mupeza PDF yosalembeka. Pansi pake pali Allow duplicate field names. Chongani pamenepo ngati mukufuna kuti tsiku lizidzibwereza lokha monga tafotokozera. Mukapanda kuchonga, Writer imapatsa bokosi lililonse dzina lakelake, ndipo tsikulo mudzalilemba kawiri. Musadutsire ku Print popanga fomuyi, chifukwa njira imeneyo imapha mabokosi onse. Fayilo ya Writer, yothera ndi .odt, isungeni pabwino: komiti ikasintha pa chisankho, mayina mudzawasinthira m'menemo n'kutulutsa PDF ina.

Yesani fomuyo musanaitumize kwa wina aliyense. Lembani mawu osiyanasiyana m'bokosi lililonse, muone ngati sakudumphira kwina. Lembaninso mawu okhala ndi ŵ, monga "Malaŵi", chifukwa mapulogalamu ena amasiya mpata kapena kabokosi pa chilembo chimenechi. Kenako sungani, tsekani, mutsegulenso. Ngati zimene munalemba zilipobe, fomu ili bwino.

Tsopano za kagwiritsidwe kake. Tiyerekeze kuti komiti ikukumana Loweruka pa 8 Malichi 2025. Lachitatu mlembi atsegule fomu yopanda kanthu, ndipo asanalembe chilichonse asankhe Save As, aipatse dzina lake:

```
maminitsi_2025-03-08.pdf
```

Kuyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku kumachititsa kuti mafayilo azindandalika okha motsatana. Amene amalemba m'fomu yoyambirira n'kudina Save amadzapeza mwezi wamawa kuti fomu yake yadzaza kale ndi nkhani zakale, ndipo akaiwala kufufuta bokosi limodzi, membala amene anapepesa mwezi watha amaonekanso kuti wapepesa ali chikhalire pabenchi. Mlembi adzaze tsamba loyamba, aonetse wapampando, atumize kwa mamembala.

Pa msonkhano weniweniwo palibe cholakwika kulemba m'kope ndi cholembera, makamaka ngati magetsi azima kapena batire la foni latsala pang'ono. Madzulo ake mlembi asamutsire zogwirizana zokhazokha pa tsamba lachiwiri. Mwachitsanzo, pa mfundo yachinayi: "Agwirizana kubwereka galimoto imodzi yonyamula mbatata ya mamembala onse kupita ku msika wa Lizulu", wochita, msungichuma, tsiku lomaliza, 22 Malichi.

Wodzaza pafoni asalembe fomuyo itangotseguka kuchokera mu WhatsApp, chifukwa kawirikawiri foni imaitsegula m'pulogalamu yongowerengera, mabokosi osalembeka, kapena zolembazo osasungika. Aisunge kaye m'foni, aitsegule mu Adobe Acrobat Reader.

Fomu yodzaza imakhalabe yotseguka: aliyense amene wailandira akhoza kusintha 20 kukhala 12 n'kuitumiza kwa ena. Chotero maminitsi opita ku gulu akhale okhoma. Pa Windows 10 kapena 11, tsegulani fomu yodzazayo mu Microsoft Edge, sankhani Print, kenako Microsoft Print to PDF. Fayilo yatsopanoyo imakhala ndi mawu onse koma yopanda mabokosi olembeka. Itseguleni, mudine pamene panali bokosi: ngati sipakulembeka, yakhomeka. Kukhoma kumeneku kumangoteteza ku zala zoyendayenda, si loko wa chitsulo, ndiye umboni weniweni ukhale papepala. Pa msonkhano wotsatira maminitsi akawerengedwa, wina n'kuwavomereza, wina n'kuikira kumbuyo, wapampando ndi mlembi asaine ndi cholembera pa mizere iwiri ya pansi pa tsamba lachiwiri, imene tinaisiya dala yopanda bokosi, ndipo pepalalo lilowe m'fayilo ya kalabu.