Kukonza sivii pofunsira udindo wapamwamba pantchito pomwepo

"Kuno ku ofesi yathu ku Mangochi kwatuluka malo a woyang'anira. Abwana amandidziwa kale, sivii ndiikonze bwanji?"

Khalani ndi chikalata cholengeza malowo, sivii yakale ndi mafomu oyesera kagwiridwe kanu ka ntchito.

1. Pachikalatacho, chongani zofunika zitatu zikuluzikulu.
2. Ikani udindo wanu wapano pamwamba. Ntchito zakale zifupikitseni, mzere umodzi iliyonse.
3. Pansi pa chofunika chilichonse lembani zomwe munakwaniritsa, ndi manambala: "Ndinagwirizira udindowu miyezi 3, ndikuyang'anira anthu 6."
4. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amasiya zinthu poganiza kuti abwana akuzidziwa, chonsecho osankha amakhala angapo, ena ochokera kulikulu, ndipo amapereka malikisi pa zolembedwa zokha. Osakokomezanso: ntchito ya gulu musaitche yanu, abwanawo analipo.
5. Isapitirire masamba 2.