Thumba lotchipa nthawi zina ndilo lodula: kuwerengera mtengo wa feteleza ndi mbewu

Mwezi wa Okutobala ukafika alimi amayamba kufunsa mitengo, ndipo sitolo iliyonse imatchula wake. Ambiri amangothamangira kumene atchula ndalama yochepa. Koma chimene mukugula ndi chakudya cha mbewu chimene chili m'thumbamo, ndipo mtengo wake weniweni umadziwika katunduyo akafika pakhomo panu. Mitengo imene nditchule pano ndi yongoyerekeza, chifukwa imasintha msanga. Inu muikepo ya kwanuko.

Tiyerekeze kuti mukufuna matumba awiri a Yureya wobereketsa chimanga. Sitolo ya pa msika wa kwanuko yati K150,000 thumba. Ya kuboma yati K140,000. Wamalonda wina wa pamsewu wati K135,000. Winanso wati Yureya wamuthera, koma ali ndi CAN wa K110,000, "wobereketsa yemweyo, bwana."

Tiyambe ndi wa kubomayo. Matumba awiri ndi K280,000. Onjezanipo K10,000 ya minibasi kupita ndi kubwera, komanso K5,000 pa thumba lililonse yolipira katundu. Zonse pamodzi ndi K300,000, kutanthauza K150,000 pa thumba, mtengo womwe uja wa pa msika wa kwanu, koma tsiku lathunthu lolima mwalitaya pa msewu. Nkhani imasintha mukagula ngati kalabu. Munthu mmodzi akapita kukatenga matumba 20, ndalama ya ulendo wake imagwera K500 pa thumba, ndiye thumba limafika pa K145,500. Pamenepo ulendo wa kuboma uli ndi phindu.

Wa pamsewu uja mumuyese ndi sikelo. Thumba la feteleza limalembedwa makilogalamu 50, koma alipo ena amene amalimasula, kutapamo pang'ono, n'kulisokanso. Yang'anani msoko wa kukamwa kwa thumba: wa kufakitale umakhala mzere umodzi wowongoka, pamene wosokedwanso umaonetsa mabowo akale kapena ulusi wa mtundu wina. Tinene kuti mwaliika pa sikelo lakwana makilogalamu 44. Gawani K135,000 ndi 44, mupeza K3,068 pa kilogalamu. Wa K150,000 uja, thumba lake likakhala lokwana, ndi K3,000 pa kilogalamu. Amene amaoneka wotchipa ndiye wodula. Wogulitsa akakana kuti muyeze, ine ndimati wakuyankhani kale. Chimodzimodzi feteleza wa pa mbale kapena pa ndowa: yezani mbale imodzi pa sikelo, muwerengere kuti zingalowe zingati m'thumba, muchulukitse ndi mtengo wake. Kawirikawiri mudzapeza kuti mukulipira koposa mtengo wa thumba, ndipo pa mbale palibe cholembedwa chokuuzani chimene mwagula.

Pamene alimi ambiri amapusitsika ndi pa CAN. Manambala olembedwa pathumba amanena kuchuluka kwa chakudya pa makilogalamu 100 aliwonse a feteleza, ndipo nambala yoyamba ndi ya nayitrojeni, amene amabiriwitsa chimanga ndi kuchibereketsa. Yureya amalembedwa 46, choncho m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitrojeni. CAN amalembedwa 26 kapena 27. Titenge 27, ndiye m'thumba muli makilogalamu 13.5 okha. Tsono gawani. K150,000 kugawa ndi 23 ndi K6,522 pa kilogalamu ya nayitrojeni. K110,000 kugawa ndi 13.5 ndi K8,148. Thumba lotsika ndi K40,000 lija likukugulitsani chakudya cha chimanga modula kwambiri. Kuti mupeze nayitrojeni wa m'matumba awiri a Yureya, amene ndi makilogalamu 46, mungafunike matumba atatu ndi theka a CAN, pafupifupi K385,000 m'malo mwa K300,000, osawerengera onyamula.

Apa mpamene mungatchule mtengo woyenera inuyo. Ngati Yureya ali pa K150,000, CAN wofanana naye phindu ayenera kukhala cha m'ma K88,000. Mosavuta, pa chimanga musalipire CAN kupitirira magawo asanu ndi limodzi mwa khumi a mtengo wa Yureya. Salufeti wa amoniya, amene amalembedwa 21, asafike ndi theka lomwe, ngakhale kuti iye amabweretsanso salufa.

Masamu amenewa ali ndi malire ake. Yureya akangomwazidwa pamwamba pa dothi osakwiriridwa, gawo lina la nayitrojeni wake limathawira m'mpweya, ndipo kutchipa kwake kumathawira komweko. Mubayireni m'kadzenje pambali pa phando, nthaka ili ndi chinyezi, n'kukwirira. Alimi a fodya amagula CAN chifukwa ndiye woyenera mbewu yawo, choncho iwo afanizire mitengo ya CAN yekhayekha. Feteleza wokulitsa nayenso musamuyerekeze ndi Yureya, pakuti ntchito yake ndi ina. Fanizirani matumba a manambala ofanana: 23:10:5+6S+1.0Zn ndi 23:21:0+4S onse timangoti NPK, koma woyambayo ali ndi potaziyamu ndi zinki pamene wachiwiriyo alibe, m'malo mwake ali ndi fosifolasi wochuluka. Feteleza woumbika ngati mwala kapena wonyowa ndiye kuti anasungidwa pachinyezi, ndipo savuta kumuzindikira mukakanikiza thumba ndi dzanja. Ngati mukukayika kuti muli mchenga, sungunulani supuni ya Yureya m'kapu ya madzi. Yureya weniweni amasungunuka yense, madziwo n'kuzizira. Mchenga umatsalira pansi.

Mbewu ya chimanga nayo imafuna kugawa komweko, kungoti pano chimene mukugula ndi njere zomera. Paketi ya makilogalamu 2 ya K14,000 ndi K7,000 pa kilogalamu. Ya makilogalamu 5 ya K32,500 ndi K6,500. Ndiye pabwere wina ndi mbewu ya K5,500 pa kilogalamu, yotsala chaka chatha. Gulani pang'ono kaye, muwerenge njere 100, muzikulunge m'nsalu kapena chiguduli chonyowa, muzinyowetsa tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha sabata muwerenge zimene zamera. Ngati zamera 70, kilogalamu ya mbewu yamoyo yakudyerani K7,857. Ya K6,500 ija ikamera 95 yakudyerani K6,842. Pa ekala imodzi, imene imalowa pafupifupi makilogalamu 10 mukabzala njere imodzi pa phando, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, mbewu yofookayo imakusiyirani mipata yoti mupakize mochedwa, feteleza wodula uja n'kumadyedwa ndi udzu.

Kuyesa kameredwe sikungakuuzeni ngati mbewuyo ndi ya haibulidi yeniyeni. Chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto chimamera bwinobwino, chinyengo chake chimaonekera pokolola. N'chifukwa chake mtengo wotsika kwambiri kuposa wa masitolo ena onse uzikuchititsani mantha. Funsani masitolo atatu kapena anayi mtengo wa mbewu ya dzina limodzi ndi paketi yofanana. Mitengo yawo imayandikana, ndipo mtengo woyenera uli pakati pamenepo. Paketi ikhale yosatsegulidwa, yolembedwa dzina la mbewu, nambala ya gulu lake ndi tsiku limene inayesedwa. Tengani lisiti, ndipo paketi yopanda kanthuyo muisunge mpaka mutakolola, chifukwa ndi zimene mungaonetse ku ofesi ya zaulimi ya kwanuko mbewu ikakukhumudwitsani.